Imelo yopempha tikiti ya ndege: zomwe abwana amafuna kuona asanavomere

Mtengo wa tikiti ya ndege sudikira munthu. Ajenti wa maulendo akasungira kasitomala mpando pa ndege yochoka ku Lilongwe kupita ku Nairobi, kompyuta ya kampani ya ndegeyo imaika tsiku ndi ola loti tikitiyo ikhale italipiridwa. Kawirikawiri amakhala masiku ochepa chabe, ndipo ulendo ukayandikira nthawiyo imafupika mpaka kukhala maola. Olalo likadutsa, mpando umabwerera pamsika ndipo wina aliyense atha kuugula. Pamenepo n'kuti imelo yopempha chilolezo cha ulendowo ili phee m'foni ya abwana, pakati pa maimelo ena ambirimbiri osawerengedwa.

Izi zimachitika m'maofesi ambiri, a boma, a makampani ndi a mabungwe omwe si aboma. Wogwira ntchito waitanidwa ku msonkhano kapena ku maphunziro kunja kwa dziko, ndipo malamulo a pantchito akuti asanagule tikiti apeze chilolezo cholembedwa, atasonyeza mitengo ya ndege zingapo. M'malo ambiri amafuna makoteshoni atatu. Munthuyo amalemba imelo yaitali yodzaza ndi malonje, n'kumatapo zithunzi zitatu zomwe wajambula pakompyuta, kenako n'kumadikira. Abwana akaitsegula, amapeza kuti ntchito yonse yowerengera yasiyidwa m'manja mwawo. Amaiika pambali kuti adzaione akapeza mpata, ndipo mpatawo umadzapezeka mtengo utakwera kale.

Imelo yotereyi ntchito yake ndi imodzi. Iyenera kuthandiza munthu wotanganidwa kuti ayankhe kuti "ndavomera" ali pafoni, mwina ali m'galimoto kapena pakati pa misonkhano iwiri, popanda kufunsanso china chilichonse. Kuti zimenezi zitheke, wopempha ayenera kuyamba wagwira yekha ntchito yoyerekeza mitengo, ndipo ntchito imeneyi ndi imene anthu ambiri amaiphonya.

Chifukwa chake mtengo umasinthasintha

Mipando ya mbali yotchipa ya ndege, imene pakompyuta imalembedwa kuti Economy, imaoneka yofanana, koma sigulitsidwa pa mtengo umodzi. Kampani imaigawa m'magulu odziwika ndi zilembo monga Y, M, Q kapena V, ndipo gulu lililonse limakhala ndi mtengo wake ndi malamulo ake. Gulu lotchipa likatha, wogula wotsatira amalowa m'gulu lokwera mtengo, ngakhale adzakhale pampando woyandikana ndi mnzake amene analipira zochepa. N'chifukwa chake mtengo umene munthu wauona Lolemba m'mawa ukhoza kusowa pofika Lachitatu. Ajenti sananame, mipando ya mtengo umenewo ndi imene yatha.

Kwa Amalawi pali chinthu chachiwiri. Mitengo ya maulendo akunja imawerengedwa m'madola a ku Amerika, kenako n'kusinthidwa kukhala kwacha pa tsiku lodula tikiti. Mu Novembala 2023, banki yaikulu ya dziko lino itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Tikiti ya madola 625, imene dzulo lake ikanagulidwa pa K737,500, inafika pa K1,062,500 usiku umodzi wokha. Aliyense amene anali ndi chilolezo chotchula kwacha yokha anayenera kubwereranso kwa abwana kukapempha ndalama zoposa K300,000 zoonjezera. Wopempha wochenjera amalemba mtengo m'ndalama zonse ziwiri, n'kutchula kuti dola waiwerengera pa zingati ndipo tsiku liti.

Ulendo wa ku Nairobi, njira zitatu

Tiyerekeze mayi wina amene amagwira ntchito yoyang'anira mapulojekiti ku bungwe lina mu Lilongwe. Mitengo imene ili m'munsimu ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, si mitengo ya kampani iliyonse. Mayiyu waitanidwa ku maphunziro a masiku atatu ku Nairobi, kuyambira Lachiwiri pa 14 mpaka Lachinayi pa 16 Okotobala. Tsiku loyamba akuyamba 8:30 m'mawa. Wapemphedwanso kunyamula mabuku ndi mapepala oti akagawire anzake, choncho chikwama cha m'manja chokha sichingakwane.

Atafunsa ajenti ndi kuyang'ana pa intaneti, wapeza njira zitatu. Yoyamba ndi ndege yolunjika kuchoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukatera pa bwalo la Jomo Kenyatta, ulendo wa maola awiri ndi kanthu, pa madola 625. Yachiwiri ndi yodzera ku Addis Ababa pa madola 540. Yachitatu, imene waipeza pa webusaiti yoyerekeza mitengo, ndi yodzera ku Johannesburg pa madola 480.

Wina akangoona manambala atatuwa anena kuti nkhani yatha, yachitatu ndiye yabwino. Mkulu wa zachuma aliyense anganene chimodzimodzi, ndipo sangakhale wolakwa, chifukwa wauzidwa zokhazo. Koma bungwe sililipira tikiti yokha, limalipira ulendo wonse, ndipo ndalama za ulendo wonse zimadziwika munthu akayang'ana maola, katundu ndi malamulo a tikitiyo.

Njira ya ku Addis Ababa ikunyamuka ku Lilongwe Lolemba masana, n'kukafika ku Ethiopia madzulo, kenako ndege yachiwiri ikutera ku Nairobi cha m'ma 1:30 usiku wolowera Lachiwiri. Akadutsa kwa oona ziphaso, n'kudikira chikwama, n'kukwera galimoto mpaka ku hotelo, mayiyu agona cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, maphunziro akuyamba 8:30. Bungwe lingathe kunena kuti apirire, ndipo ena amapiriradi, koma ndege yoyamba ikangochedwa n'kuphonya yachiwiri, tsiku loyamba la maphunziro lapita. Kuti apewe zimenezi ayenera kunyamuka Lamlungu pa 12. Kutero kukuwonjezera usiku umodzi ku hotelo, tinene madola 90, ndi alawansi ya tsiku limodzi, tinene madola 60. Tikiti ya madola 540 ija yasanduka ulendo wa madola 690, kuposa ndege yolunjika ndi madola 65.

Njira ya ku Johannesburg ndi yofunika kuikhalira pansi, chifukwa ndi mtundu wa mitengo umene umapusitsa anthu ambiri. Webusaiti yalumikiza matikiti awiri osiyana, ina ya Lilongwe–Johannesburg, ina ya Johannesburg–Nairobi, n'kuwaonetsa ngati ulendo umodzi. Mtengowo ndi wa chikwama cha m'manja chokha. Chikwama chachikulu cha makilogalamu 23 chikulipiridwa padera, tinene madola 35 pa ndege iliyonse, ndipo ndege ndi zinayi popita ndi pobwera, zomwe zikupanga madola 140. Zonse pamodzi madola 620. Inde, ikadali yotsika ndi madola 5 poyerekeza ndi ndege yolunjika, ndipo mayiyu sayenera kubisa zimenezo.

Koma madola asanuwo akubwera ndi chiopsezo chachikulu. Matikiti akakhala osiyana, kawirikawiri chikwama sichidutsa chokha mpaka kumapeto kwa ulendo. Mwini wake amayenera kutuluka kudzera kwa oona ziphaso pa bwalo la O.R. Tambo, kutenga chikwamacho, kukachiperekanso ku kampani yachiwiri, n'kulowanso. Ndege yoyamba ikachedwa, kampani yachiwiri ilibe udindo uliwonse, chifukwa kwa iyo munthuyo wangolephera kufika pa nthawi yake. Pakakhala tikiti imodzi, kampani imamuika pa ndege yotsatira popanda kulipiritsa. Pa matikiti awiri, amagula ina yekha. Choipa kwambiri n'chakuti munthu akaphonya ndege yopita, makampani ambiri amafufuta ndi mpando wa pobwerera womwe pa tikiti imeneyo. Pamwamba pa izi, pamalamulo a mtengowo palembedwa kuti Non-refundable, kutanthauza kuti maphunziro akalephereka, ndalama sizibwezedwa, kupatula mwina misonkho ina ya pa mabwalo a ndege.

Ndege yolunjika ija, pa madola 625, ikulola chikwama cha makilogalamu 23, ikufikitsa mayiyu Lolemba madzulo, ndipo kusintha tsiku ndi madola 50 kuphatikizapo kusiyana kwa mtengo ngati kulipo. Pa manambala oyamba inkaoneka yodula kuposa zonse. Masamu onse akachitika, ndi imene ikuteteza bwino ndalama za bungwe.

Pepala loyerekeza mitengo

Zonsezi ziyenera kukwana patsamba limodzi. Mzere uliwonse ukhale wa njira imodzi, ndipo pamzerewo paoneke dzina la kampani ndi manambala a ndege, tsiku ndi ola lonyamuka ndi lofika, kumene ikudzera ndi maola odikira, katundu wololedwa, mtengo wosintha kapena kubweza tikiti, mtengo wa tikiti pamodzi ndi misonkho yonse, zoonjezera monga hotelo ndi alawansi, kenako ndalama zonse za ulendo. Nambala yomalizayi ndi imene abwana amaiyang'ana poyamba, choncho ilembedwe moonekera.

Mitengo yonse itatu itengedwe tsiku limodzi, makamaka m'mawa umodzi, ndipo ikhale ya masiku ofanana ndi gulu lofanana la mipando. Kuyerekeza mtengo wa Lachisanu lapitalo ndi wa lero kuli ngati kufunsa mtengo wa matimati kwa Lizulu m'nyengo yokolola n'kumauyerekeza ndi wa mu Januwale ku Area 18. Palinso kachinyengo kamene akauntanti wozolowera amakagwira msanga: munthu wafuna kale ndege inayake, mwina chifukwa amasonkhanitsa mapointi a kampani imeneyo, ndiye amasankha dala njira ziwiri zodula kwambiri kapena zozungulira mopanda nzeru kuti yake ioneke yabwino. Akauntantiyo amangotsegula Google Flights kapena Skyscanner, n'kulemba LLW ndi NBO, ndipo pa mphindi ziwiri waona njira yotchipa imene yasiyidwa. Kuyambira pamenepo pempho lililonse la munthu ameneyo limayang'anidwa ndi diso lokayika. N'chifukwa chake njira yotchipa kwambiri iyenera kukhalapo papepala, ngakhale wopempha sakuifuna, pamodzi ndi chifukwa chomveka chimene akuikanira.

Umboni ukhale kumbuyo kwa tsamba loyambalo. Koteshoni ya ajenti ikhale ndi dzina la kampani yake ndi tsiku. Chithunzi cha pa webusaiti chionetse masiku a ulendo, ndalama imene mtengowo walembedwera, ndi tsiku limene chajambulidwa. Chijambulidwe pa tsamba lomaliza munthu asanalipire, chifukwa nambala imene imaoneka pa tsamba loyamba nthawi zina imakwera misonkho ndi katundu zikalowa. Kenako zonse zilumikizidwe kukhala fayilo imodzi ya PDF. Mafayilo asanu amene mayina awo ndi manambala a kamera ya foni amatopetsa wowerenga, ndipo fayilo ya Excel pafoni imaoneka modukaduka. Fayiloyo ipatsidwe dzina loti munthu angaipeze nalo pakatha chaka, monga `Mitengo_LLW-NBO_13-17Oct.pdf`.

Maola nawo ali ndi misampha yake. Nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za kumalo kumene ndege ikunyamuka kapena kutera. Nairobi ndi Addis Ababa ali patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, pamene Johannesburg nthawi yake ndi yofanana ndi yathu. Ndege yolembedwa kuti inyamuka 00:40 Lachisanu imafuna kuti munthu akhale pabwalo Lachinayi usiku, ndipo ambiri amazindikira zimenezi ndege itapita kale. Kachizindikiro ka +1 pafupi ndi ola lofika kamatanthauza kuti ndegeyo ikufika tsiku lotsatira. Wolemba pepala loyerekeza akalakwitsa apa, chiwerengero cha mausiku a ku hotelo chimalakwikanso, ndipo bajeti yonse imapotoka.

Imelo yeniyeniyo

M'maofesi ambiri a m'dziko muno maimelo a ntchito amalembedwa m'Chingerezi, koma kamangidwe kake sikadalira chilankhulo. Pamzere wa Subject payenera kuoneka chimene chikupemphedwa, kumene munthu akupita, masiku a ulendo ndi tsiku lomaliza loyankha. Mutu wongoti "Pempho" kapena "Ulendo" umamira. Imelo ya mayi uja, yolembedwa Lolemba pa 15 Seputembala, ingaoneke motere:

Mutu: Pempho la chilolezo cha ndege, Lilongwe–Nairobi, 13–17 Okotobala (yankho pofika Lachitatu pa 17 Seputembala, 12 koloko masana)

"Bwana,

Ndikupempha chilolezo chogula tikiti ya ndege yolunjika ya Lilongwe–Nairobi pa madola 625, omwe ndi K1,094,375 powerengera dola pa K1,751 lero. Ndikupita ku maphunziro a pa 14 mpaka 16 Okotobala omwe munavomereza m'ndondomeko ya ntchito ya chaka chino. Kalata yondiitana ili pamodzi ndi imelo ino. Ndalamazi zichoka pa bajeti ya maphunziro a ogwira ntchito.

Ndayerekeza njira zitatu lero m'mawa. Yodzera ku Addis Ababa ndi madola 540, koma ikufuna kuti ndinyamuke Lamlungu, ndipo hotelo ndi alawansi zikufikitsa ulendowo pa madola 690. Yodzera ku Johannesburg ndi madola 620 pamodzi ndi katundu, kutsika ndi madola 5, koma ndi matikiti awiri osiyana omwe sabwezedwa ndalama, ndipo ndege yoyamba ikachedwa tidzafunika kugula tikiti ina. Tsatanetsatane ali mu PDF.

Ajenti wasunga mpando mpaka Lachitatu pa 17 Seputembala, 4 koloko madzulo. Ndingathokoze mutayankha pofika 12 koloko tsiku limenelo kuti a zachuma apeze nthawi yolipira. Ngati mtengo ungasinthe tisanalipire, ndikupempha kuti chilolezochi chifike pa madola 675, ndipo ukapitirira pamenepo ndidzabweranso kwa inu.

Zikomo kwambiri."

Imeloyi ndi yaifupi, koma abwana akawerenga ndime yoyamba yokha adziwa kale chimene akupemphedwa, ndalama zake ndi thumba limene zichokemo. Ulemu ulimo, kungoti sunatenge malo a nkhani. Anthu ambiri amaopa kuuza abwana awo tsiku ndi ola loyankhira, poganiza kuti zikumveka ngati kuwalamula. Mantha amenewa ndi omveka m'chikhalidwe chathu, koma olalo laikidwa ndi kompyuta ya kampani ya ndege, ndipo wopempha akungowadziwitsa abwana. Bwana amene walipira madola 100 oonjezera chifukwa sanauzidwe kuti mpando unali ndi malire a nthawi amakwiya kwambiri kuposa amene wauzidwa mwaulemu kuti Lachitatu masana ndiye pothera.

Maola anayi amene ali pakati pa 12 koloko ndi 4 koloko asiyidwa dala. Chilolezo si ndalama. Abwana akavomera, a zachuma amayenera kukonza chikalata choitanitsira tikitiyo kapena kutumiza ndalama kwa ajenti, ndipo mwina wosainira wachiwiri ali ku banki kapena kumaliro. Kumene zinthu zimayenda pang'onopang'ono, ndi bwino kusiya tsiku lathunthu.

Chiganizo chopempha malire a madola 675 ndi chimene chimapulumutsa anthu ambiri, ngakhale ndi ochepa amene amachiganizira. Chilolezo chikatchula madola 625 okha, mtengo n'kukwera ndi madola 20, akauntanti wosamala amakana kulipira chifukwa nambala ya pa invoisi sikugwirizana ndi imene yavomerezedwa. Pempho limayambiranso, ndipo pamene likuzungulira mtengo ukukweranso. Mabungwe ena salola chilolezo chokhala ndi mpata wotere, choncho wopempha ayambe waona malamulo a maulendo a pantchito pake.

Malamulo amenewo ndi ofunika kuwawerenga pa zifukwa zinanso. Ena amanena kuti tikiti igulidwe masiku 14 kapena 21 ulendo usanafike, ndipo wochedwa afotokoze chifukwa chake. Ena amafuna kuti tikiti idulidwe ndi ajenti amene bungwe linapangana naye, moti mtengo wa pa intaneti umangokhala woyerekezera. Ndalama zikakhala zochokera kwa opereka thandizo, malamulo awonso amalowa. Mwachitsanzo, ulendo wolipiridwa ndi ndalama za boma la Amerika umatsatira lamulo la Fly America Act, lomwe limafuna kuti pamene zingatheke munthu akwere ndege ya kampani ya ku Amerika kapena imene ikugulitsidwa pa nambala ya kampani yoteroyo. Pa ulendo wa ku Washington, tikiti yotchipa kwambiri ikhoza kukhala yosaloledwa, ndipo imelo iyenera kunena zimenezo kuti abwana asadabwe. M'boma namo zinthu zimasintha ndi nyengo: mu Novembala 2023 Pulezidenti Lazarus Chakwera anaimitsa maulendo akunja olipiridwa ndi boma mpaka kumapeto kwa chaka cha zachuma mu Malichi 2024. Pa nthawi ngati imeneyo funso loyamba silikhalanso la mtengo, limakhala lakuti ulendowo walolezedwa n'komwe.

Zina zimene zimaiwalika

Si onse amene amakhala pafupi ndi Lumbadzi. Wa ku Blantyre akapeza kuti kunyamukira ku Lilongwe n'kotchipa kuposa kunyamukira ku Chileka, awerengere basi kapena mafuta a mtunda wa makilomita pafupifupi 300, popita ndi pobwera, komanso malo ogona ngati ndegeyo ndi ya m'mamawa. Wa ku Mzuzu ndalama zimenezi sangazipewe, choncho zilembedwe pa njira zonse zitatu mofanana.

Palinso khadi lachikasu la katemera wa matenda amene madokotala amawatcha yelo fiva. Kenya ndi Ethiopia ali m'gulu la maiko omwe matendawa angapezeke, ndipo Malawi, monganso South Africa, imafuna chiphaso cha katemerayu kwa obwera kuchokera kumaiko amenewa, kuphatikizapo amene adikira ndege pabwalo lakumeneko kwa maola oposa 12. Chiphasochi chimayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 munthu atabayidwa. Amene alibe ayenera kuwerengera masikuwo ndi mtengo wake asanatumize pempho. Pasipoti nayo ionedwe: maiko ambiri amafuna kuti ikhale ndi miyezi 6 isanathe mphamvu.

Ndiye pali nkhani imene anthu amachita nayo manyazi, yofuna kutsalira masiku awiri kuti akaone m'bale kapena akagule katundu. Palibe cholakwika, bola zinenedwe poyera. Njira yake ndi kutenga mitengo iwiri tsiku limodzi, wina wobwera Lachisanu monga ntchito ikufunira, wina wobwera Lamlungu, n'kulemba mu imelo kuti kusiyana kwake, hotelo ndi chakudya cha masiku oonjezerawo alipira mwini wake, ndiponso kuti masikuwo achoka patchuthi chake. Mtengo woyambawo ukapanda kujambulidwa tsiku lomwelo, sungadzapezekenso, ndipo pakatha miyezi palibe amene angatsimikize kuti bungwe silinalipire ulendo wa munthu payekha.

Abwana akayankha, kapena akapanda kuyankha

Imelo itumizidwe m'mawa, kumayambiriro kwa sabata ngati n'kotheka. Yotumizidwa Lachisanu 4 koloko imadya masiku awiri a nthawi yosungira mpando popanda woiwerenga. Pa To palembedwe munthu mmodzi amene ali ndi mphamvu yovomereza, ndipo a zachuma kapena oona za maulendo aikidwe pa CC. Anthu anayi akaikidwa pa To, aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye ayankhe. Batani la Send lisanadinidwe, wopempha atsegule fayilo imene wamata kuti aone ngati ilipodi ndipo ndi yomaliza, chifukwa imelo yonena kuti "onani pepala lili pamodzi ndi imelo ino" koma pepalalo palibe ndi yofala kwambiri m'maofesi.

Tsiku limodzi likatsala yankho lisanabwere, chikumbutso chachifupi pansi pa imelo yomweyo chimakwanira, ndipo kugogoda pakhomo la abwana kapena kuimba foni si kulakwa. Koma yankho la pakamwa la "pitirizani, palibe vuto" lonenedwa pakhonde la ofesi silikwanira. Owerengera ndalama za bungwe akadzabwera chaka chamawa adzafuna kuona chilolezo cholembedwa chimene tsiku lake ndi la kumbuyo kwa tsiku lodula tikiti. Chikasowa, ndalamazo zikhoza kukanidwa, ndipo m'mabungwe ena wogwira ntchitoyo amauzidwa kuti abweze za m'thumba mwake. Abwana akavomera pakamwa kapena pa WhatsApp, wopempha awalembere mzere umodzi wowapempha kuti atsimikize pa imelo, ndipo tikiti isadulidwe yankholo lisanafike.

Nthawi zina abwana amasankha njira ina, mwina ya ku Addis Ababa yofika usiku ija, chifukwa bajeti yafinyika. Ndi ufulu wawo. Pepala loyerekeza lagwirabe ntchito yake, popeza asankha akudziwa zimene zingachitike, ndipo zalembedwa.

Chilolezo chikafika, chitumizidwe kwa ajenti pamodzi ndi tsamba la pasipoti lokhala ndi chithunzi, kuti dzina lilembedwe ndendende monga lilili m'pasipotimo. Kukonza dzina tikiti itadulidwa kumalipiritsa, ndipo nthawi zina kumafuna tikiti yatsopano. Kenako wopempha aone bwino pepala limene ajenti watumiza. Nambala ya zilembo ndi manambala 6, imene amaitcha PNR, imangosonyeza kuti mpando wasungidwa. Tikiti yolipiridwa imakhala ndi nambala ya manambala 13, ndipo atatu oyambirira amasonyeza kampani imene yaidula, monga 071 ya Ethiopian Airlines kapena 706 ya Kenya Airways. Pepala lopanda nambala imeneyi si tikiti, ngakhale litakhala ndi dzina la munthu, masiku ndi nambala ya mpando, ndipo wopita nalo ku Lumbadzi adzabwezedwa pakauntala.

Pobwera ku ulendo, timakadi tokwerera ndege, invoisi ya ajenti, imelo yovomereza ija ndi PDF ya mitengo ziikidwe pamodzi popereka malisiti ku ofesi ya zachuma. Timakadi ta pafoni timatha kusowa ndege ikangotera, choncho wapaulendo atijambule asanakwere.